N'chifukwa chiyani dola imodzi ili ndi mitengo iwiri pa byulo?

Mukalowa m'byulo iliyonse yosinthira ndalama ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, choyamba kuona ndi chikwangwani cha mitengo. Pa mzere wa ndalama ya dziko lililonse pamakhala manambala awiri. Pamwamba pa nambala yoyamba pamalembedwa BUY kapena WE BUY, pamwamba pa yachiwiri SELL kapena WE SELL. Yoyambayo imakhala yotsika, yachiwiriyo yokwera, ndipo simudzapeza byulo imene yalemba mosemphanitsa.

Anthu ambiri amasokonezeka pomwepa, chifukwa amawerenga chikwangwanicho ngati chikunena za iwo. Munthu amene wabwera kudzagula madola amayang'ana pamene palembedwa kugula, n'kuona nambala yotsika, n'kuwerengera ndalama zake pa nambalayo. Atafika pakauntala amauzidwa mtengo wina. Chikwangwani chimalankhula m'malo mwa mwini byulo. BUY ndi mtengo umene byulo ikugulira ndalama yakunja kwa inu. SELL ndi mtengo umene byulo ikugulitsira ndalamayo kwa inu. Ngati mwalowa ndi madola m'thumba, mzere wanu ndi wotsikawo. Ngati mwalowa ndi makwacha mukufuna madola, mzere wanu ndi wokwerawo. Mbali iliyonse imene mwaima, nambala imene ikukukhudzani ndi imene simukanaisankha mukanapatsidwa mwayi.

Si chinyengo. Wogula chimanga amene amapachika sikelo yake pamtengo m'mbali mwa msewu nthawi yokolola amagula kilogalamu pa mtengo wina, n'kukagulitsa kilogalamu yomweyo kumsika wa m'tauni pa mtengo woposa. Chimanga sichinasinthe. Chimene walipiritsa ndi chakuti mlimi walandira ndalama tsiku lomwelo osapita kukasaka wogula, ndipo wa m'tauni wapeza chimanga tsiku limene wachifuna osapita kumudzi. Byulo imachita chimodzimodzi, kungoti katundu wake ndi ndalama. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndi kumene m'nkhani ino tikutcha mpata.

Tiuone mpatawo ndi manambala

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, osati a tsiku lina lake kapena a byulo ina yake. Tiyerekeze kuti chikwangwani chalembedwa motere:

```
        BUY      SELL
USD     1,880    1,950
ZAR        95      110
```

Mayi wina walandira madola 500 kuchokera kwa mchimwene wake amene wabwera kudzacheza. Akapita nawo pakauntala, byulo ikugula, choncho amuwerengera pa K1,880. Alandira K940,000. Tiyerekeze kuti asanatuluke pakhomo wasintha maganizo, akufuna madola ake 500 aja. Tsopano byulo ikugulitsa, ndipo mtengo ndi K1,950. Afunika K975,000. M'manja ali ndi K940,000 yokha, zikusowa K35,000. Akangopereka imene ali nayoyo, abwerera kunyumba ndi madola 482. Palibe chimene chachitika pamsika m'mphindi zisanuzo, kwacha sinagwe, dola sinakwere, koma madola 18 atsala pabyulo. Umenewu ndiwo mpata wonse: K70 pa dola iliyonse.

Pakati pa 1,880 ndi 1,950 pali 1,915. Uwu ndiwo mtengo wapakati, umene mumaupeza mukaphatikiza mitengo iwiriyo n'kugawa ndi 2. Palibe kasitomala amene amagula kapena kugulitsa pa mtengo umenewu, koma ndi wothandiza chifukwa umaonetsa kuti mukasintha ndalama kamodzi kokha simulipira mpata wonse, mumalipira theka lake. Mayi uja pogulitsa madola ake 500 anataya K35 pa dola poyerekeza ndi mtengo wapakati, zonse pamodzi K17,500. Theka linalo lidzalipiridwa ndi munthu amene adzabwere kudzagula madola omwewo masana kapena mawa. Byulo imapeza K70 yake yonse pokhapokha anthu awiriwa atadutsa pakauntala pake, wogulitsa ndi wogula. Ikagula madola n'kusowa wowagula, palibe chimene yapeza, yangosandutsa makwacha ake kukhala mapepala ogona m'sefa.

Tsopano taonani mzere wa randi, wolembedwa ZAR. Mpata wake ndi K15 yokha, ndipo poyang'ana mwachangu umaoneka waung'ono kwambiri poyerekeza ndi K70 ya dola. Apa ndi pamene maso amanyenga. K70 ikuchotsedwa pa K1,950, pomwe K15 ikuchotsedwa pa K110. Kuti muyerekeze bwino mipata ya ndalama zosiyana, isandutseni kukhala peresenti:

```
(SELL - BUY) ÷ SELL × 100
```

Pa dola, 70 kugawa ndi 1,950 kuchulukitsa ndi 100 kukupereka 3.6 peresenti. Pa randi, 15 kugawa ndi 110 kuchulukitsa ndi 100 kukupereka 13.6 peresenti. Mpata wa randi pa chikwangwani chimenechi ndi waukulu pafupifupi kanayi kuposa wa dola. Masamu amenewa amatenga masekondi khumi pa foni, ndipo ndiwo chinthu chimodzi chimene aliyense wosintha ndalama kawirikawiri ayenera kuzolowera.

Zimene mpata umalipira

Chapafupi kuona ndi zolipira za tsiku ndi tsiku. Byulo imalipira lendi, ndipo nthawi zambiri imakhala pamalo odula, m'misika yaikulu yamakono kapena pakati pa tauni. Imalipira apakauntala, alonda, inshulansi ya ndalama zimene zili m'sefa ndi zimene zili paulendo wopita kubanki, makina owerengera ndalama, nyali zoyezera ngati pepala ndi lenileni, chiphaso cha Reserve Bank, ndi munthu wolemba malipoti amene Reserve Bank imafuna. Byulo siikongoza ndalama ngati banki, ndiye ilibe chiwongoladzanja choti ilandire. Pafupifupi zonsezi zimatuluka mu mpata.

Tiyerekeze kuti zolipira zonse za byulo yathu zimakwana K6,300,000 pa mwezi. Pa K70 pa dola, iyenera kugula ndi kugulitsanso madola 90,000 pa mwezi kuti ingobweza zimene yawononga, isanapeze phindu ngakhale tambala imodzi. Pa masiku 26 ogwira ntchito, amenewo ndi madola pafupifupi 3,460 tsiku lililonse. Anthu obwera akachepa ndi theka, lendi siitsika, malipiro a mlonda satsika. Madola 45,000 ayenera kusenza katundu amene ankasenzedwa ndi madola 90,000, ndiye mpata uyenera kufika K140. Pachifukwa chimenechi, kumene kumadutsa ndalama zambiri mpata umatha kukhala wopapatiza, ndipo kumene zimadutsa mwa apo ndi apo umatambasuka.

Chachiwiri sichioneka ndi maso. Ndalama imene yagona m'sefa siibereka. Byulo imene yasunga madola 20,000 ogulidwa pa K1,880 yamangirira K37,600,000. Ngati mpamba umenewo ndi wangongole ya kubanki, ukulipiridwa chiwongoladzanja tsiku lililonse. Ngakhale utakhala wa mwini wake, akanauika kwina ukanabala. Ku Malawi zimenezi si zazing'ono, poti chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imakhazikitsa chinafika 26 peresenti mu 2024, ndipo mabanki amakongoza pamwamba pa pamenepo. Titenge 30 peresenti pa chaka. K37,600,000 ija ikudya pafupifupi K31,000 tsiku lililonse, kapena K1.55 pa dola pa tsiku. Dola imene yalowa Lolemba n'kutuluka Lachitatu yadya K3 yokha mwa K70 ija, palibe vuto. Koma ndalama imene ikhale mwezi wathunthu isanapeze woifuna imadya pafupifupi 2.5 peresenti ya mtengo wake ili chigonere. Mwini byulo amadziwa kuti ndalama iliyonse imatenga masiku angati kuti ituluke, ndipo masikuwo amawaika mu mtengo wogulira. Mukafika ndi ndalama ya dziko limene Amalawi sapitako kawirikawiri, mtengo umene akupatseni udzakhala wotsika kwambiri, kapena adzakana kugula kumene. Sikuti ndalamayo ndi yopanda mphamvu kwawo. Vuto ndi lakuti kuno wodzaigula sadziwika tsiku lobwera.

Chachitatu ndi pepala lafeki. Wapakauntala akalandira pepala limodzi la madola 100 lachinyengo, byulo yataya K188,000. Kuti ibweze ndalamayo pa K70 pa dola, iyenera kugula ndi kugulitsa madola ena oposa 2,600. Pepala limodzi limafafaniza phindu la pafupifupi tsiku lathunthu. Mukaona wapakauntala akulitembenuza pepala lanu, kuliunika, kulikanda ndi chikhadabo paphewa la chithunzi, mudziwe kuti akuyesa kupewa ngozi imeneyi.

Mtengo ukasuntha katundu ali m'manja

Ngozi yaikulu kuposa zonse ndi yakuti pakati pa kugula ndi kugulitsa pamadutsa nthawi, ndipo m'nthawi imeneyo mtengo ukhoza kusuntha. Byulo imene yagula marandi pa K95 m'mawa ikuyembekeza kuwagulitsa pa K110. Koma randi imakwera ndi kutsika tsiku lililonse poyerekeza ndi dola, ndipo nthawi zina imasuntha ndi maperesenti angapo m'sabata imodzi. Ikagwa byulo isanagulitse, mbali ya phindu lija yapita. Mpata wotambasuka ndi chishango cha zimenezi, ndipo ndi chifukwa china chimene ndalama yosakhazikika imakhala ndi mpata waukulu kuposa yokhazikika.

Ku Malawi ngozi imene eni mabyulo amaiopa kwambiri ndi ya mbali inayo, kukhala ndi makwacha tsiku limene kwacha yagwetsedwa. Zimenezi zachitika kangapo. Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 mtengo wa boma wogulitsira dola unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi.

Taganizani za wosintha ndalama amene dzulo lake anagulitsa madola 10,000 pa K1,180. Analandira K11,800,000 ndipo anatseka chitseko akudziwa kuti tsikulo layenda bwino. M'mawa mwake, ndalama yomweyo ikugula madola osakwana 7,000 pa K1,700. Madola oposa 3,000 a mpamba wake asowa, ndipo phindu la tsiku lapitalo silingafike n'komwe pamenepo. Wamalonda amene amawerengera mpamba wake mu madola amadziwa kuti mtengo wofunika si umene anagulira dzulo, koma umene adzagulire mawa pobwezeretsa katundu. Ndiye mphekesera zoti kwacha igwa zikangoyamba kumveka, amachita zinthu ziwiri. Amakweza mtengo wogulitsira mpaka pamene angathe, ndipo amachedwa kutulutsa madola amene ali nawo. Wogula amaona ngati ndi umbombo, koma nthawi zambiri ndi mantha a tsiku ngati lija la Novembala.

Mpata suima pamalo amodzi

Mwini byulo samangosankha kukula kwa mpata. Amasunthanso mitengo iwiriyo molingana ndi zimene zili m'sefa mwake. Madola akamatha ndipo ofuna akuchuluka, amakweza mtengo wogulira kuti akope amene ali ndi madola m'thumba, mwina kuchoka pa K1,880 kufika pa K1,910. Marandi akamuchulukira, monga zimakhalira mu Disembala anthu a ku Joni akamabwera kutchuthi, amatsitsa mtengo wogulira kuti asaonjezere mulu umene ali nawo kale. Ndiye mabyulo awiri a msewu umodzi akhoza kukhala ndi mitengo yosiyana tsiku limodzi, osati chifukwa wina ndi wachilungamo kuposa mnzake, koma chifukwa m'masefa mwawo muli zosiyana. Kuyenda mamita 200 kukaona chikwangwani china si kutaya nthawi ngati ndalama yanu ndi yochuluka.

Nyengo nayo imalowapo. Msika wa fodya umatsegulidwa chakumapeto kwa dzinja, kawirikawiri mu Epulo, ndipo kwa miyezi ingapo madola amalowa m'dziko ochulukirapo. Chakumapeto kwa chaka, pamene feteleza ndi mafuta a galimoto zikufuna kulipiridwa koma fodya watha, madola amasowa. Wosintha ndalama amaimva nyengo imeneyi pakauntala pake.

Pali malire ake. Mabyulo amagwira ntchito ndi chiphaso cha Reserve Bank, ndipo bankiyo imayang'anira mitengo imene akulemba. Byulo singangokweza mitengo yake mpaka kufanana ndi ya pamsewu. Zotsatira zake ndi zimene Amalawi ambiri aziona m'zaka za kusowa kwa ndalama zakunja: nambala ya SELL ilipo pachikwangwani, koma mukafunsa amati madola palibe. Chimene chachitika n'chakuti amene ali ndi madola akuona mtengo wa BUY kukhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene akumva kunja, ndiye sakubwera. Popanda wogulitsa, byulo ilibe choti igulitse. Mpata wa pachikwangwani ukhoza kuoneka wopapatiza ndi wokoma, koma mtengo umene simungagulirepo kanthu si mtengo weniweni. Mpata umagwira ntchito yake pokhapokha anthu akulowa mbali zonse ziwiri.

Kusintha ndalama kwa munthu wopanda chiphaso ndi mlandu ku Malawi, ndipo pambali pa lamulo pali ngozi zodziwika: mapepala afeki osakanizidwa pakati pa enieni, mtolo umene wawerengedwa pamaso panu n'kusinthidwa pobwezeretsa labala, ndi kusowa kwa lisiti kapena malo okadandaula. Mtengo wa pamsewu umakwera mwa zina chifukwa ukulipira ngozi zimenezi.

Chifukwa chake mtengo wa m'nyuzipepala sufanana ndi wa pakauntala

Anthu ambiri amafika pabyulo ataona kale mtengo pa foni kapena m'nyuzipepala, n'kudabwa kuti sukugwirizana ndi wa pachikwangwani. Mtengo umene umatuluka mukafufuza pa intaneti nthawi zambiri ndi wapakati, uja umene palibe kasitomala amaupeza. Umene Reserve Bank imalengeza nawo uli ndi mpata wake, koma wopapatiza. Kuchokera mu Marichi 2024, kwa nthawi yaitali, dola inkalembedwa pafupifupi K1,717 pogula, K1,734 pakati ndi K1,751 pogulitsa. Mpata wake ndi K34, pafupifupi 2 peresenti.

Mitengo yotereyi ndi ya ndalama yoyenda kuchoka mu akaunti ina kupita mu ina, imene pazikwangwani za mabanki imalembedwa TT. Ndalama imeneyo siifuna sefa, siifuna mlonda, siingakhale yafeki, siing'ambika. Ndalama yamapepala, imene imalembedwa CASH kapena NOTES, ili ndi zonsezi, ndiye imakhala ndi mitengo yakeyake ndi mpata wokulirapo. Kuyerekeza mtengo wa TT ndi wa byulo kuli ngati kuyerekeza mtengo wa matumba a simenti kufakitale ndi wa pasitolo ya kwanu.

Pa chifukwa chomwecho, si dola iliyonse yamapepala imene imagulidwa mofanana. Mabyulo ambiri amalipira bwino pa mapepala a 50 ndi 100, ndipo amatsitsa mtengo pa a 1, 5, 10 ndi 20. Madola 1,000 a mapepala a 100 ndi mapepala khumi. Madola 1,000 a mapepala a 5 ndi mapepala 200 oti awerengedwe, aunikidwe, asungidwe, ndipo munthu wopita paulendo sawafuna chifukwa amatupa m'thumba. Mapepala akale a madola 100, aja a mutu waung'ono, ndiponso ong'ambika, olembedwalembedwa kapena odindidwa chidindo, amagulidwa motsika kapena kukanidwa. Ku Amereka mapepalawo akadali ndalama yovomerezeka, koma byulo ya kuno ikudziwa kuti kasitomala wotsatira adzawakana, ndipo kuwatumiza kunja kumafuna ndalama. Ngati wachibale akubweretserani madola, mupempheni abweretse a 100 atsopano, aja okhala ndi kalamba kabuluu pakati amene anayamba kutuluka mu 2013, ndipo asawapinde.

Kumene anthu amataya ndalama osadziwa

Kutaya kwakukulu sikuchitika posintha kamodzi. Kumachitika podutsa mpata kawiri.

Titenge bambo amene wabwera kuchokera ku Joni ndi marandi 8,000 ndipo akufuna madola. Pabyulo ya ku Malawi malonda onse amadutsa mu kwacha. Byulo igula marandi ake pa K95, apeza K760,000. Kenako imugulitsa madola pa K1,950, apeza madola 389 ndi kakwacha kotsala. Pa mitengo yapakati, marandi 8,000 pa K102.50 ndi K820,000, ndipo K820,000 pa K1,915 ndi madola 428. Bamboyu wataya madola pafupifupi 39, kapena 9 peresenti ya ndalama yake, pa ulendo umodzi wa pakauntala. Walipira theka la mpata wa randi ndi theka la mpata wa dola. Akanasintha marandiwo kukhala madola asanachoke ku South Africa, akanadutsa mpata umodzi wokha, komanso m'dziko limene randi ndi ndalama ya pakhomo.

Njira ina yotayira ndi kugula zochuluka kuposa zofunika. Mayi wa geni wopita kukaoda katundu wagula marandi 10,000 pa K110, walipira K1,100,000. Wabwerako ndi marandi 3,000 osagwiritsa ntchito. Marandi amenewo anawagula K330,000, koma akawabweza pa K95 alandira K285,000. K45,000 yapita popanda chimene wagula. Ngati akudziwa kuti abwereranso mwezi wamawa, ndi bwino kufunsa kubanki yake zimene malamulo amalola pa kusunga ndalama yakunja yotsala paulendo, chifukwa malamulo amenewa amasinthasintha. Koma chosavuta kuposa zonse ndi kuwerengera bwino ulendo usanayambe.

Ndiye pali komishoni. Kuno kwathu mabyulo ambiri amadya mu mpata mokha, koma m'mayiko ena, kuphatikizapo South Africa, n'zofala kuti amadulanso ndalama yapadera pa kusintha kulikonse. Tiyerekeze ndi manambala athu. Byulo yoyamba ikugula dola pa K1,900 koma ikudula K5,000. Yachiwiri ikugula pa K1,880 osadula kanthu. Pa madola 100, yoyamba ikupatsani K185,000, yachiwiri K188,000. Pa madola 500, yoyamba ikupatsani K945,000, yachiwiri K940,000. Zimafanana pa madola 250. Pansi pa pamenepo yachiwiri ndiyo yabwino, pamwamba pake yoyamba. Chikwangwani cholembedwa NO COMMISSION sichitanthauza kuti kusinthako ndi kwaulere, chimangotanthauza kuti malipiro onse ali mu mpata. Zimenezi zimakhudzanso makampani otumizira ndalama amene abale athu a ku Joni ndi ku Mangalande amagwiritsa ntchito. Kampani ikhoza kulengeza kuti kutumiza ndi kotchipa kapena kwaulere, koma mtengo umene ikusinthira randi kapena paundi kukhala kwacha uli kale ndi mpata mkati. Funso lothandiza ndi limodzi: ndikapereka zakutizakuti, wolandirayo agwira makwacha angati m'manja?

Pabwalo la ndege, kaya ndi Kamuzu, Chileka kapena lina lililonse kunja, mpata kawirikawiri umakhala wotambasuka kuposa wa m'tauni. Lendi yake ndi yokwera, ndipo kasitomala amene wangotsika kumene alibe kwina kopita. Pamenepo sinthani yokwanira galimoto yokufikitsani m'tauni ndi chakudya cha tsikulo, yotsalayo idikire. Pazipata za m'malire, monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, zimakhala zosiyana pang'ono. Ndalama ya dziko loyandikana nalo, metikali, kwacha ya ku Zambia kapena shilingi ya ku Tanzania, imayenda mwachangu pamenepo kuposa pakati pa Lilongwe chifukwa oifuna ndi oibweretsa amakumana tsiku lililonse. Koma ndi pamalo pomwepo pamene osintha opanda chiphaso amachuluka, ndiye funani byulo kapena banki imene yapachika chiphaso chake poonekera.

Pakauntala penipeni

Musanatulutse ndalama, pezani mzere wanu pachikwangwani ndipo chulukitsani nokha pa foni. Ngati mukugulitsa ndalama yakunja, chulukitsani ndi nambala ya BUY. Ngati mukugula, chulukitsani kuchuluka kumene mukufuna ndi nambala ya SELL kuti mudziwe makwacha ofunika. Kenako funsani wapakauntala kuti, "Ndikakupatsani madola 500 awa, mundipatsa zingati m'manja?" Yankho lake likasiyana ndi masamu anu, pali chimodzi mwa zitatu: pali komishoni, mapepala anu ali m'gulu la mtengo wotsika, kapena chikwangwani sichinasinthidwe m'mawa. Zonsezi ndi zoti muzidziwe ndalama ikadali m'manja mwanu.

Ngati ndalama yanu ndi yochuluka, kupempha mtengo wabwino si chamanyazi. Ntchito yowerengera ndi kulemba madola 3,000 siisiyana kwambiri ndi ya madola 100, ndipo byulo imene ikusowa madola ikhoza kuonjezera K10 kapena K20 pa dola kuti musapite kwina. Pa madola 3,000, K20 ndi K60,000. Wapakauntala nthawi zambiri sangavomere yekha, amafunsa kaye bwana wake, ndiye lezani mtima. Wogula madola nthawi ya kusowa alibe mphamvu imeneyi, chifukwa kumbuyo kwake kuli ena khumi ofuna madola omwewo.

Tengani chitupa chanu cha unzika kapena pasipoti, chifukwa byulo yovomerezeka imayenera kulemba amene yasintha naye. Pogula ndalama yakunja ya paulendo amafunanso umboni wa ulendowo, monga tikiti. Makwacha muwawerenge pakauntala pomwepo musanachoke. K940,000 ya mapepala a K5,000 ndi mapepala 188, ndipo ikakhala ya K2,000 ndi mapepala 470, kotero pemphani kuti aidutsitse m'makina mukuona nambala yake. Pa lisiti onetsetsani kuti palembedwa mtengo umene mwagwirizana, kuchuluka kwa ndalama zonse ziwiri ndi tsiku, ndipo lisitilo mulisunge. Ngati mukutuluka m'dziko ndi ndalama yakunja, akuluakulu a pachipata akhoza kulifunsa ngati umboni wa kumene munaigula.